Theka la Kumwetulira kwa a Hinke

Mayuro khumi ndi anayi ndi masenti makumi asanu ndi atatu pa ola: amenewo ndiwo malipiro amene azakhali anga, a Hinke Postma, ankalandira atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa kauntala ya sitolo ya buledi, pafupi ndi msika wa m'tauni ya Sneek. Pa pepala la malipirolo sipanalembedwepo kuti ntchitoyo inkafunanso nkhope. Zimenezo tinadzazidziwa nkhopeyo itadwala.

Azakhali ndi munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wopalasa njinga ngakhale mphepo ya kunyanja itaima patsogolo pawo ngati khoma. Sanali okongola mwa mtundu umene anthu amatembenukira pamsewu. Chimene anali nacho chinali kumwetulira kwakukulu, koonetsa mano onse pamodzi ndi mpata wa pakati, kumene kunkayamba munthu asanatseke chitseko cha sitolo. Ankadziwa amene amafuna buledi woderako wodulidwa mopyapyala, amene dokotala anawaletsa mchere, ndi amene amabwera Lachiwiri lililonse kudzagula mabanzi awiri chifukwa kunyumba kulibe wolankhula naye. Mwana aliyense wolowa ndi mayi ake ankatuluka ndi kachidutswa ka buledi wa shuga m'manja. Ana ena amene anadya zidutswazo lero ali ndi ana awo.

M'mwezi wa Novembala, ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, anamva kuwawa m'khutu lamanzere. Patapita masiku awiri anadzuka tiyi akutayikira m'mbali mwa pakamwa. Kuchipatala anati ndi mashingozi a m'khutu, ndipo kachilombo kake kanavulaza mtsempha umene umayendetsa theka la nkhope. Mbali yonse ya kumanzere inagwa. Diso silinkatseka, nsidze sinkakwera, ngodya ya mlomo inalendewera ngati chovala chonyowa. Amuna awo, a Douwe, amene amayendetsa galimoto yotolera mkaka m'mafamu, ndiwo ankawathira mankhwala m'diso ndi kuwamata kachivundikiro kuti lisaume.

Mtsempha wotero umamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo sumvera munthu wofulumira. Itakwana miyezi inayi ngodya ya mlomo inayamba kunjenjemera. Tinakondwera. Koma pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi tinaona kuti timitsempha tina pomera tinasochera: tina toyenera kupita ku mlomo tinakafika ku diso. Azakhali akati amwetulire, diso lamanzere linkafinyika n'kutsinzina lokha.

"Ona malodza, Renske," anandiuza a Douwe tili pa tebulo. "Zaka makumi atatu m'banja sananditsinzinirepo. Lero ndachita dazi ndi pamene ayamba kundifuna."

"Ndani akukufunani inu?" anatero azakhali. "Ndikutsinzina kuti ndisakuoneni."

Anaseka, koma dzanja linali litakwera kale kukaphimba pakamwa. Dzanja limenelo linali lachilendo m'nyumba muja.

Sitoloyo inali itagulidwa zaka zitatu m'mbuyomo ndi kampani yokhala ndi masitolo ambiri, ndipo woyang'anira wake anali bambo Rutger Veenstra, munthu wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, waulemu, wosakweza mawu. Sindikuwanenera nkhanza. Anatumiza maluwa kawiri. Dokotala wa kampani atanena kuti azakhali angathe kubwerera ku ntchito, bambo Veenstra anawaika m'chipinda cha kumbuyo kudula buledi ndi kuika m'matumba, "mpaka mudzamve kuti mwakonzeka". Azakhali anati anali atakonzeka kale. Pamenepo ndi pamene kunatuluka fomu. Kampaniyo imatumiza anthu ake odzagula mobisa, amene potuluka amapereka malikisi kwa wogulitsa, ndipo mzere wachitatu wa fomuyo umati: kulandira kasitomala ndi kumwetulira kwachikondi, kochokera mumtima. Anagwirizana kuti Loweruka loyamba la Seputembala azakhali adzaima pa kauntala tsiku lonse, ndipo zimene zidzaoneke tsikulo ndizo zidzaweruze.

Pofuna kuthandiza, bambo Veenstra anawapatsa kabuku kamene kampani imaphunzitsira antchito atsopano. Munali malangizo akuti munthu alume pensulo mopingasa, akoke milomo mpaka mano a m'mbali aoneke, agwire choncho kwa masekondi khumi, abwereze kakhumi. Azakhali anakulira pa famu kumene mankhwala a vuto lililonse anali kulimbikira. Kabukuko kanati kakhumi. Iwo ankachita ka zana, m'mawa, masana ndi madzulo. Atatha milungu iwiri tsaya lamanzere linauma gwa, mtsempha wa m'khosi unkatukuka akamakoka, ndipo diso linkatsekeratu.

Ine ndi amene ndinkawaperekeza ku Leeuwarden kwa mayi Marloes Terpstra, katswiri wophunzitsa minofu ya nkhope. Mayiwo atagwira tsayalo ndi zala ziwiri, chimodzi mkati mwa pakamwa china kunja, anayang'ana azakhali kwa kanthawi.

"Mayi Postma, mwakhala mukutani ndi nkhope imeneyi? Mwanyamulira matumba a ufa?"

Azakhali anatulutsa pensulo m'chikwama, ili ndi zipsera za mano.

"Imeneyo mundipatse, ndizilembera," anatero mayi Terpstra. "Tamverani. Kusochera kwa mitsempha si mlandu wanu, kumachitika kwa ambiri. Koma mukamakoka ndi mphamvu, minofu yonse imadzuka pamodzi, ya diso, ya tsaya, ya khosi, ndiye mukuiphunzitsa kuti iziyendera limodzi. Ife tikufuna kuilekanitsa. Pano wolimbikira kwambiri ndi amene amalephera."

"Ndiye ndikhale mlesi?"

"Ee. Mphindi zisanu, katatu pa tsiku. Mukaonjezera ndidzaona."

Zimene anaphunzira kumeneko ndinaziona ndi maso anga, ndipo ndikuzilemba kuti aliyense amene amati kumwetulira n'kwaulere adziwe ntchito imene inalowapo. Choyamba chinali kusisita tsaya louma mpaka lifewe. Kenako kukhala pa galasi, kutsitsa mapewa, kutulutsa mpweya, kumasula nsagwada mpaka mano asakhudzane. Kenako kukumbukira chinthu chokoma koma chofatsa, pakuti kumwetulira kwa milomo yokha kumaoneka kouma. Kofunda ndi kumene masaya amakwera pang'ono ndi maso amafewa. Ndiyeno kukweza ngodya za milomo pang'onopang'ono, milomo ili yotseka, maso ali pa diso lamanzere m'galasi, ndi kuima pamene chikope chayamba kutsika. Kuima, kumasula, kuyambanso.

Chovuta koposa sichinali mbali yodwala. Inali mbali yabwino. Tsaya lamanja linkathamangira m'mwamba monga linazolowera zaka zonse, n'kukokera pakamwa ponse kwa ilo.

"Lamanjali ndi ladyera," anatero mayi Terpstra. "Liikeni chala, lidikire mnzake. Lisapitirire pamene lamanzere lafika."

"Mukutanthauza kuti ndizimwetulira theka?"

"Theka lolingana limaoneka lathunthu. Anthu saona kukula kwake, amaona kufanana."

Chilimwe chonse azakhali anaphunzira kuletsa mbali yamoyo ya nkhope yawo kuti iyende ndi liwiro la mbali yovulala. Galasi analiika pa windo la kukhitchini. Atalizolowera, mayi Terpstra anawauza alitembenuze, aphunzire kumva ndi tsaya pamene pali malire, chifukwa pa kauntala sipakhala galasi. Kenako anayamba kuyesera pa anthu. A Douwe ankalowa pakhomo la kukhitchini kasanu motsatizana ngati kasitomala.

"Moni mayi, mundipatse buledi wadzulo pa mtengo wadzana."

"Tulukani mulowenso, mwandiseketsa."

"Nanga si ndicho mukufuna?"

"Ayi! Ndikufuna kumwetulira, osati kuseka. Lowani ngati munthu wanzeru."

"Mayi, zimenezo ndiye zitenga chilimwe china."

Pofika kumapeto kwa Ogasiti anali nako. Kunali kumwetulira kwakung'ono, kodekha, kobwera mochedwerapo, milomo yotseka, maso onse awiri otseguka ndi ofewa. Kunkawapatsa maonekedwe a munthu wodziwa ntchito yake amene sakufulumira. Ndinawajambula pa foni, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mayi ameneyu ndi waulemu. Sindikumudziwa, koma ndingamugule buledi."

Pa ulendo womaliza Loweruka lija lisanafike, mayi Terpstra anawachenjeza chinthu chimodzi. Kumwetulira kochita kufuna ndi kumwetulira kobwera kokha sizichokera malo amodzi mu ubongo. Koyambako munthu amatha kukuyeza. Kwachiwiriko sikupempha chilolezo. "Tsiku limene mudzakondwere mwadzidzidzi, nkhope idzachita zake. Si kulephera kumeneko. Mudzangopuma n'kupitiriza."

Loweruka ndinakakhala pa katebulo ka pangodya, pamene anthu amamwera khofi, ndi buku limene sindinawerenge tsamba ngakhale limodzi. Bambo Veenstra anaima pafupi ndi shelefu ya mabisiketi ngati akuwerenga katundu. Azakhali anavala epuloni yawo yakale. Kuyambira eyiti koloko mpaka cha m'ma leveni ndinawerenga makasitomala oposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo kwa aliyense ndinkaona mapewa akutsika, mpweya ukutuluka, ngodya ziwiri zikukwera pamodzi. Odziwana nawo ankati, "Mwabwerera, a Hinke! Mukuoneka bwino." Iwo ankayankha modekha, osalola chimwemwe kufika pamwamba. Bambo Veenstra anandiyang'ana kamodzi n'kugwedeza mutu kusonyeza kuti zili bwino.

Kenako chitseko chinatseguka, n'kulowa Sietske Bouma akukankha kangolo ka mwana. Sietske anakulira pa msewu wa kuseri kwa sitoloyo, ndipo ali wamng'ono ankaima ndi zala za kumapazi kuti afikire chidutswa chake cha buledi wa shuga. Anakwatiwa ku Groningen, ndipo za matenda a azakhali sanamve. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri iye ndi mwamuna wake ankafuna mwana osamupeza, ndipo akabwera kudzaona mayi ake ankalirira zimenezo pa kauntala yomweyo.

"Mayi Hinke!" anafuula ali pakhomo. "Taonani amene ndakubweretserani!"

Ananyamula khanda m'kangolomo n'kulikweza pamwamba pa anthu a pa mzere.

Azakhali sanatsitse mapewa. Sanatulutse mpweya. Kumwetulira kwawo kwakale kunabwera konse nthawi imodzi: tsaya lamanja linakwera mpaka kufika m'diso, mano a kumanja anaonekera, pakamwa panakokekera mbali imodzi, diso lamanzere linatsinzina n'kutulutsa msozi, khosi linakungika. Ine ndinaona chimwemwe chimene ndinali ndisanachione miyezi khumi. Sietske anaona china. Kwathu kuno aliyense anaphunzitsidwa, pa wailesi ndi pa zikwangwani, kuti pakamwa popotoka ndi chizindikiro cha sitiroko ndipo mphindi iliyonse ndi moyo. Bambo ake a Sietske anamwalira ndi sitiroko m'khitchini mwawo, banja likudikira kuti mwina zidutsa.

"Pakamwa! Pakamwa pawo papotoka! Khalani pansi, mayi Hinke, musayende!"

"Ayi mwanawe, palibe vuto, ndi…" Koma milomo yofooka imapunthwa pa zilembo zina munthu akanjenjemera, ndipo mawuwo anatuluka olemera.

"Mukumva? Ndi kulankhula komwe!" Sietske anali ataika kale foni pa khutu, akuitana ambulansi.

Ndinaimirira, ndinafotokoza. Bambo Veenstra anafotokozanso. Sietske, khanda lili pa phewa, misozi ikutsika, anangoti, "Bambo anga nawonso ankati palibe vuto." Wa pa foniyo, atamva za pakamwa ndi za kulankhula, anachita chimene ayenera kuchita. Ambulansi inaima pa msika pasanathe mphindi khumi.

Anawakhazika pa mpando pakati pa sitolo, anthu a pa mzere atabwerera m'mbuyo, ena akusuzumira pa windo. Namwino wa ambulansiyo anali munthu wodziwa ntchito yake. Anawauza akweze manja onse awiri, abwereze chiganizo, akweze nsidze. Kenako anati, "Mayi, tandionetsani mano. Mwetulirani kwambiri mmene mungathere." Azakhali, amene chilimwe chonse anaphunzira kusachita zimenezo, anachita, pamaso pa anthu amene anawagulitsa buledi theka la moyo wawo. Namwinoyo anamva mbiri ya matendawo, anawayezanso zina, n'kunena kuti zimenezi n'zakale, sitiroko palibe. Anayamika Sietske kuti anachita bwino kuimba. Ndipo anachitadi bwino. Zimenezo ndizo zimandipweteka: m'chipinda monsemo munalibe munthu woipa.

Azakhali anamaliza tsikulo pa kauntala. Khandalo sanalinyamule. Sietske anapepesa kambiri, n'kuchoka osagula kanthu.

Lachitatu anawaitana mu ofesi, ndipo azakhali anandipempha ndipite nawo. Pa tebulo panali mapepala awiri. Loyamba linali fomu ya wodzagula mobisa, amene zinadziwika kuti anadutsa cha m'ma naini. Pa mzere wachitatu anapereka malikisi asanu ndi anayi pa khumi, ndipo m'munsi analemba ndi dzanja kuti: mayi wofunda mtima, kumwetulira kwake n'kwenikweni. Lachiwiri linali lipoti la zimene analitcha chochitika chosokoneza makasitomala.

"A Hinke, m'mawa munachita bwino kwambiri," anatero bambo Veenstra. "Akuluakulu aona. Koma funso lawo ndi ili: kodi mungatitsimikizire kuti sizidzachitikanso?"

"Kuti chiyani chisadzachitikenso, bambo?"

"Zija… za nkhope zija."

"Ndinakondwera," anatero azakhali. "Mwanayo anamudikira zaka zisanu ndi ziwiri."

"Ndikumvetsa. Ndikumvetsa kwambiri. N'chifukwa chake tikuganiza kuti kumbuyo kuli bwino kwa inu. Malipiro sasintha, maola sasintha. Tikufuna kukutetezani kuti musadzachitenso manyazi ngati aja."

Ndinalankhula zambiri mu ofesimo, zina mokweza kuposa mmene ndinafunira. Ndinati fomu yawo imapempha kumwetulira kochokera mumtima, koma kumene anakupatsa malikisi ndi kumene kunapangidwa pa galasi, mphindi zisanu katatu pa tsiku, ndipo kumene kunachokeradi mumtima ndiko akulembera lipoti. Ndinati kakhadi kamodzi pa kauntala kofotokoza za matendawo kakanatha nkhani yonse. Bambo Veenstra anati kampani siifuna kuti makasitomala aziganiza za matenda pamene akugula chakudya. Ananena zimenezo mwaulemu, maso ali pa tebulo.

Malamulo a dziko lino amaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha chilema kapena matenda okhalitsa, ndipo amafuna kuti wolemba ntchito ayese njira zomuthandizira asanamuchotse pamalo pake. Ndinawawerenga onse. Ndinalemba kalata ya madandaulo yopita ku bungwe limene limamva nkhani zotere, masamba anayi, ndi kalata ya mayi Terpstra pamwamba pake. Mayi wina wodziwa malamulo anaiwerenga n'kunena kuti nkhaniyo ndi yolimba. Chimene chikufunika ndi siginecha ya azakhali basi.

Tsopano ndi Febuluwale. Azakhali amalowera khomo la kumbuyo, kudula buledi, kuika m'matumba, kumata mitengo. Kudzera pa khoma amamva mawu a anthu ndipo amadziwa aliyense, kotero kuti nthawi zina buledi wa munthu amakhala atadulidwa kale mmene amamufunira iye asanapemphe. Kwa mayi Terpstra anasiya kupita. Galasi anachotsa pa windo. Kumwetulira kwakung'ono kuja amakuchitabe bwino, kwa wa positi, kwa abusa, kwa ine. Koma ndaona chinthu china chimene palibe anawaphunzitsa: a Douwe akayamba nthabwala, iwo amaimirira kukatsuka kapu yoyera kale. Sietske anatumiza chithunzi cha mwana ndi kuwaitana ku Groningen kawiri. Sanayankhe.

Lamlungu lapitali ndinaikanso kalatayo patsogolo pawo, cholembera pambali.

"Azakhali, akakuitanani mudzangokhala pansi n'kunena zimene zinachitika. Zotsalazo ndidzalankhula ine."

"M'chipinda modzaza anthu?"

"Anthu atatu kapena anayi. Ndipo mayi odziwa malamulo aja akuti tingapambane."

Anaitembenuza kalatayo, n'kuisalaza ndi chikhatho monga amasalazira thumba la buledi.

"Ndicho ndikuopa, Renske," anatero. "Akadzanena kuti ndapambana, ndidzakondwera. Pamaso pawo."

Kalatayo ikadali pa tebulo la kukhitchini, pansi pa mbale ya zipatso, ndipo mzere wa m'munsi mwake ulibe kanthu.